Fumbi m'kompyuta ya mushopu: sefa iikidwe pati, ndipo tizipukuta liti?

Nangondo:
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi makompyuta awiri mushopu ya zotayipa ndi fotokope. Shopuyo ili m'mbali mwa msewu wadothi ndipo chitseko chimakhala chotsegula tsiku lonse. Imodzi ndi ya bokosi lalitali loimirira, ili pansi pa tebulo, pasimenti penipeni. Inayo ndi yaing'ono yogona, ya Dell OptiPlex, ili patebulo. Yaitaliyo ikagwira ntchito kwa maola angapo fani imayamba kulira kwambiri, kenako makinawo amachedwa, ndipo masana ena imangozima yokha. Kumbuyo kwake fumbi lofiira lachita kumata. Ndiike sefa yamtundu wanji, ndipo ndizipukuta kangati?

Kamba Anga Mwala:
Ikamachedwa choncho ndi mavairasi amenewo, asisi. Mafulashi a makasitomala ndi amene akukubweretserani. Ingoifomatani iyambirenso.

Chimtali:
Ayi achimwene, werenganinso funso. Kompyuta imene imayamba bwinobwino m'mawa n'kumachedwa masana fani ikukuwa, imeneyo yatenthedwa. Mayi, dulani neti ya udzudzu yakale muimate pamabowo onse a bokosilo. Kenako onjezani fani ina kumbuyo kuti izitulutsa mpweya wotentha mwamphamvu. Kupukuta kwake n'kosavuta, pitani nayo kwa opopa matayala aiuzire ndi kompuresa.

Gogo Waya:
A Chimtali alondola pa matenda, koma mankhwalawo atatu onse ali ndi zovuta zake. Ndiyambe ndi fani yakumbuyo, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Mpweya uliwonse umene ukutuluka m'bokosi umalowanso kwinakwake. Mabokosi ambiri aatali akale ali ndi zotulutsa mpweya ziwiri: fani yakumbuyo, ndi fani ya m'pawa sapulayi imene imakhala pamwamba n'kumayamwa mpweya wa m'katimo. Fani yolowetsa mpweya kutsogolo nthawi zambiri kulibe. Ndiye bokosilo limakoka mpweya paliponse pamene pali mpata: m'ming'alu ya chivindikiro, pamalo a DVD, m'mabowo a USB, m'timipata ta makhadi kumbuyo. N'chifukwa chake mumapeza fumbi m'mabowo olowetsa fulashi. Mukaonjeza fani ina yotulutsa ndiye kuti mwaonjezera kukokako. Ngakhale mutaika sefa yabwino kutsogolo, mpweya sudzera pamenepo, umadzera pamene sipakuulimbira. Zili ngati kusefa ufa ndi sefa yong'ambika m'mphepete.

Chofunika ndi chosiyana ndi chimenecho: mpweya wolowetsedwa ndi fani kudzera pasefa uchuluke kuposa wotulutsidwa. Zikatero wotsalawo umatulukira m'ming'alu yonse ija, ndipo fumbi silingalowe pamene mpweya ukutuluka.

Mayi, musanagule kalikonse chitani izi. Kompyuta ili choyaka, ng'ambani kachidutswa ka tishu kotalika ngati chala, mukagwire kunsonga n'kukayandikiza pa timipata ta makhadi kumbuyo ndi pamabowo a chivindikiro cha m'mbali. Kakamamatira kubokosi, pamenepo pakulowa mpweya wosasefedwa. Kakamathawa, pakutuluka mpweya, ndipo n'zimene tikufuna.

Nangondo:
Ndayesa, agogo. Kakumamatira paliponse, ngakhale pamabowo a m'mbali. Ndatsegulanso chivindikiro kuti ndione: kutsogolo kulibe fani, pali malo ake okha okhala ndi mabowo a masikuluwu. Kumbuyo kuli fani yaing'ono imodzi, ndipo pawa sapulayi ili pamwamba monga mwanenera.

Gogo Waya:
Yezani mtunda wa pakati pa mabowo awiri a masikuluwu oyandikana, mbali imodzi. Mukapeza mamilimita 105, pamenepo pamakwana fani ya 120. Mukapeza pafupifupi 82 ndi ya 92, ndipo 71 kapena 72 ndi ya 80. Ngati pali mabowo a masaizi awiri, tengani yaikulu. Fani ya 120 malo ake ndi aakulu kuposa kawiri a ya 80, ndiye imakankha mpweya wokwanira ikuzungulira pang'onopang'ono, phokoso lochepa, ndipo sefa yake simatsekeka msanga.

Fani imauzira kumbali imene kuli timitanda togwirizira mota, kumene nthawi zambiri kuli sitika ya manambala. Mbali imeneyo iyang'ane m'kati mwa bokosi. Mafani ambiri alinso ndi timivi tiwiri m'mbali mwa felemu, kena kosonyeza kumene mpweya ukupita, kena kumene mapiko akuzungulira. Waya wake mulowetse pamadabodi pamene palembedwa SYS_FAN kapena CHA_FAN. Fani ya mapini atatu imalowa bwinobwino pa soketi ya mapini anayi, pali kamzere kotsogolera kuti musaitembenuze.

Mukaika, bwerezani mayeso a tishu sefa ili pamalo pake. Fani imodzi yosefedwa nthawi zina simaposa zotulutsa ziwiri zija. Ngati tishu akumamatirabe, tsitsani liwiro la fani yakumbuyo mu BIOS, tsamba la zosankha limene mumalowamo kompyuta ikangoyaka, kapena ichotseni ndithu muione kutentha mmene kukhalire. Pakompyuta ya ntchito zotayipa yopanda khadi lalikulu la zithunzi, fani ya pawa sapulayi yokha imatha kutulutsa mpweya wokwanira.

Chimtali:
Kuchotsa fani pamakina amene akutenthedwa kale? Apo ndiye mwandidabwitsa, madala. Nanga neti ya udzudzu yalakwa chiyani? Ndi yaulere ndipo mpweya umadutsa bwino.

Gogo Waya:
Mpweya umadutsa bwino chifukwa mabowo ake ndi aakulu, opitirira milimita imodzi. Anawapangira udzudzu. Neti imagwira tsitsi, ulusi, timapepala ndi mphemvu, koma fumbi la msewu ndi losalala kwambiri, locheperapo kutali kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, limangodutsa. Mukaipinda kanayi imayamba kugwirako, koma mpweya nawo umayamba kuvutika. M'nyumba yometera tsitsi neti ingathandizedi. M'mbali mwa msewu wadothi ayi.

Zimene zimagwira ntchito ndi izi. Pali masefa a nayiloni opangidwira makompyuta, a saizi ya 120 kapena 140, ena okhala ndi maginito m'mphepete. Maginito amamatira pachitsulo chokha, pa pulasitiki ya kumaso kwa bokosi sagwira, ndiye muyese kaye ndi maginito aliwonse. Kumene amenewa sapezeka, sefa yakale ya eyakoni ya pakhoma ndi yabwino: ndi nayiloni yosalala, imachapika, ndipo imodzi imadulika zidutswa zingapo. Chachitatu ndi masokosi aatali opyapyala a amayi aja. Mudule, mutambasule pang'ono chabe, muyale kamodzi kokha. Mukakoka kwambiri mabowo amakula, mukapinda kawiri fani imabanika.

Zoyenera kupewa ndi chitenje, masiki ya kumaso, thonje ndi siponji yochindikala ya matiresi. Zimasefa bwino kwambiri moti mpweya sudutsa. Fani ya kompyuta ilibe mphamvu yokoka mpweya pansalu yothinana.

Mphunzitsi wa Labu:
Ndionjezepo pa kaikidwe kake, chifukwa ambiri amalakwitsa pamenepa. Sefa isakhudze mapiko a fani, ndipo isakhale yofanana ndendende ndi fani ngati malo alipo. Ikakula, mpweya umadutsa pamalo ambiri ndipo imatenga nthawi kuti idzaze. Ikhale pafupifupi sentimita imodzi kapena awiri kutsogolo kwa fani. Njira yosavuta ndi kudula felemu ya katoni yolimba kapena ya pulasitiki ya faelo yakale, kumatapo nayiloniyo, n'kuimangirira ndi tepi ya maginito kapena timikwingwirima tomata ta nsapato za ana tija. Musamate sefa ndi guluu pabokosi, chifukwa chinthu chovuta kuchotsa palibe amene amachichapa.

M'mphepete mwa felemu musakhale mpata. Onaninso pansi pa pulasitiki ya kumaso kwa bokosi: mabokosi ambiri ali ndi mpata wolowetsapo dzanja pochotsa pulasitikiyo, ndipo mpweya wambiri umalowera pamenepo, pafupi ndi simenti. Ngati sefa mwaiika kunja kwa pulasitiki, mpatawo mutseke ndi tepi. Ngati mwaiika m'kati, pakati pa pulasitiki ndi chitsulo, musautseke chifukwa ndiyo njira ya mpweya.

Mabowo otulutsa mpweya musaikepo sefa. Kumbuyo kwa pawa sapulayi ndi pafani yakumbuyo pasiyeni poyera. A Chimtali anati mabowo onse, koma sefa ya potulukira imangotsekera fumbi ndi kutentha m'kati.

Chimtali:
Apo ndavomera. Koma mabowo a m'mbali aja, amene alibe fani, atani?

Mphunzitsi wa Labu:
Tishu ndi amene ayankhe. Akamathawa, asiyeni. Akamamatira, ikanipo nayiloni. Mabokosi ena akale ali ndi kapaipi kochokera pachivindikiro cha m'mbali kufika pafani ya pulosesa. Pamenepo nthawi zonse pamalowa mpweya, ndiye pafunika sefa ndithu, osati tepi.

Gogo Waya:
Chinthu china chosalira ndalama: ichotseni pasimenti. Fumbi lolemera limayenda munsi, ndipo phazi lililonse lolowa mushopu limalidzutsa. Patebulo ndiye pabwino. Ngati malo palibe, kabenchi ka masentimita 30 kapena kuposerapo kakuthandizani. Kumbuyo kwake kutalikirane ndi khoma masentimita 10 kapena 15 kuti mpweya wotentha usabwerere. Kumaso kwake kusayang'ane kuchitseko, komanso isakhale pamene makina a fotokope amatulutsira mpweya, chifukwa fumbi la mapepala ndi la tona limachokera kumeneko.

Wakuchigayo:
Ine yanga ili kaofesi kogundana ndi chigayo, ndimalemberamo maakaunti. Si fumbi la msewu koma ufa, woyera, umalowa ngakhale chitseko chitatsekedwa. Njira yake ndi yomweyi?

Gogo Waya:
Maganizo ake ndi omwewo, koma ufa uli ndi mavuto awiri oonjezera. Ukakumana ndi chinyezi cha nthawi ya mvula umamata n'kuuma gwa pa zitsulo zoziziritsa pulosesa, moti kuuzira kokha sikuuchotsa, pamafunika burashi. Chachiwiri, ndi chakudya. Umaitana mphemvu ndi nyerere, ndipo mphemvu zimaitana nalimata. Nalimata akalowa m'pawa sapulayi n'kugunda mawaya awiri, yapita. Ndiye kwa inu timipata ta makhadi tosatsekedwa kumbuyo mutitseke ndi tizitsulo take, ndipo sefa muziiona tsiku lililonse chigayo chikagwira ntchito. Kunena zoona, kumalo otero ndi bwino kusefa chipinda kusiyana ndi kusefa kompyuta: kutseka pamwamba pa khoma logawa chipindacho ndi chigayo, pamene malata amasiya mipata.

Kamba Anga Mwala:
Nanga kungoiika m'kabati n'kutseka? Kapena kuifunditsa nsalu?

Mphunzitsi wa Labu:
Kabati yotseka imasunga kutentha, mpweya womwewo umangozungulira mpaka makina azime. Ingatheke pokhapokha kabatiyo itakhala ndi fani yake yolowetsa mpweya pasefa ndi bowo lotulukira kumwamba. Nsalu ndi yabwino kompyuta ikazimitsidwa ndithu, usiku. Vuto lake ndi munthu amene amabwera m'mawa n'kuyatsa osavundukula. Pulasitiki musafunditse nthawi ya mvula, imasunga chinyezi.

Nangondo:
Zamveka. Tsopano kapukutidwe ka m'kati, popeza fumbi lilimo kale. Kompuresa ya matayala ija bwanji?

Gogo Waya:
Kompuresa ya opopa matayala ili ndi zovuta zitatu. M'thanki mwake mumadikha madzi, amene amatuluka ngati nkhungu pamodzi ndi mpweya. Zambiri zimalavulanso timafuta. Ndipo mphamvu yake ndi yaikulu, nthawi zambiri mabaa 6 kapena 8, yokhoza kuthyola phiko la fani. Ngati palibe china, apempheni atsegule kampopi ka pansi pa thanki madzi atuluke, atsitse mphamvu kufika pa mabaa awiri, ayambe auzira papepala loyera kuti muone ngati likunyowa, ndipo paipi italikire ngati kutalika kwa rula. Bulowa yamagetsi yogwira pamanja ndiyo yabwino koposa, chifukwa mpweya wake ndi wouma. Magetsi akazima, mpope wa njinga wosathiridwa mafuta ambiri umagwira ntchito, kungoti pamafunika anthu awiri. Pakamwa musauzire, mumathira malovu pamadabodi.

Kachitidwe kake nkotere. Zimitsani kompyuta bwinobwino, zulani chingwe cha magetsi kukhoma, kenako dinikizani batani loyatsira kwa masekondi 10 kuti magetsi otsalira athe. Musanazule mawaya akumbuyo ndi a m'kati, jambulani ndi foni. Tulukani nayo panja, pamthunzi, mphepo izichokera kumbuyo kwanu, ndipo valani masiki. Mukapukutira mushopu fumbi lomwelo lilowa mumakina a fotokope ndi m'kompyuta inayo. Gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze chilichonse m'kati, ndipo muzichigwiragwira pamene mukugwira ntchito.

Fani iliyonse muigwire ndi chala kapena kamtengo isazungulire pouzira. Mphepo ya bulowa imaizunguza mopitirira liwiro limene inapangidwira, ndipo mabering'i amatha, n'chifukwa chake fani ina imayamba kulira itangopukutidwa kumene. Ya m'pawa sapulayi muitchinge ndi kamtengo kouma kapena kapulasitiki kudzera pawaya wotchingira, osati sikuludiraiva. Pawa sapulayi musaitsegule. Muli makapasita amene amasunga mavoti opitirira 300, ndipo angathe kukhala nawo ngakhale chingwe chitazulidwa. Ingouzirani kuchokera mbali zonse ziwiri mpaka fumbi lisiye kutuluka.

Pamene pali vuto lanu lenileni ndi pansi pa fani ya pulosesa. Fani imakankhira mpweya pa timasamba ta aluminiyamu, ndipo fumbi limagwirana pamwamba pa timasambato n'kupanga chigamba chimene sichioneka fani ili pomwepo. Walitsani tochi pakati pa mapiko. Ngati simukuona timipata ta pakati pa timasamba, chigambacho chilipo. Pamakina ambiri fani imamasuka payokha ndi masikuluwu anayi, chitsulo n'kutsala pomwepo. Chotsani chigambacho ndi burashi ya penti yatsopano yofewa, ya inchi imodzi, kenako uzirani. Mapiko a fani muwapukute limodzi limodzi ndi kansalu kapena kathonje kapamtengo, chifukwa fumbi lomata mbali imodzi limachititsa fani kunjenjemera.

Chimtali:
Ndipo musaiwale kusintha pesiti wopakidwa pakati pa pulosesa ndi chitsulo choziziritsa nthawi iliyonse mukatsegula.

Gogo Waya:
Nthawi iliyonse ayi. Pesiti amakhala zaka zingapo ngati chitsulo choziziritsa sichinasunthidwe. Mumasintha pa zifukwa ziwiri: mwachotsa chitsulocho, kapena mwapukuta zonse koma kutentha sikunatsike. Kuchotsachotsa kuli ndi ngozi zake. Zoziziritsa za Intel zobwera ndi pulosesa zili ndi timapini tinayi tapulasitiki timene timauma ndi zaka, ndipo kamodzi kakathyoka chitsulo chimapendekeka, kutentha n'kukwera kuposa kale. Pa mapulosesa a AMD a mapini pansi, monga a soketi ya AM4, pesiti wouma amatha kuzula pulosesa m'soketi n'kupinda mapini. Pamenepo yambani mwayatsa makina kwa mphindi zingapo kuti pesiti afewe, zimitsani, ndipo chitsulo muchipotoze pang'ono uku ndi uku musanakoke.

Ngati mwasinthadi, wakale mumupukute mbali zonse ziwiri ndi sipiriti wa aisopuropo wa 90 peresenti kapena kuposerapo, pakansalu kosasiya ulusi. Watsopano ndi kadontho kamodzi pakati, kosaposa njere ya nandolo. Masikuluwu mumange mopingasa, pang'onopang'ono, osati kumaliza imodzi kenako ina.

Wakuchigayo:
Sipiriti wofiirira wa kusitolo uja sangachite?

Mphunzitsi wa Labu:
Pa chitsulo choziziritsa angachite pakasowa china, koma amasiya utoto, ndipo adikiridwe aume. Pamadabodi ndi pa timano tagolide ta ramu ine sindingamulimbikitse. Petulo, thina ndi parafini ndiye ayi ndithu, zimadya pulasitiki kapena kusiya mafuta amene fumbi limamatirapo.

Pa ramu pomwepo: kompyuta ikakana kuyaka mutaipukuta, fani n'kumazungulira koma sikirini ili bii, mwina ikuliranso timabelu, musachite mantha msanga. Kawirikawiri fumbi lalowa m'soketi ya ramu kapena ramu yasunthika. Zulani magetsi, chotsani ramu, uzirani m'soketi, pukutani timano take, n'kuibwezera mpaka timaloko ta m'mbali titseke tokha. Onaninso kuti waya wa fani ya pulosesa wabwerera pa CPU_FAN.

Kamba Anga Mwala:
Ine ndikuona kuti huva yokokera fumbi ndi yabwino kuposa bulowa, chifukwa fumbi silimwazika.

Gogo Waya:
Pasefa ndi kunja kwa bokosi ndi yabwino. M'kati ndimaikayikira. Kuti ikoke fumbi iyenera kuyandikira mpaka kugunda, ndipo paipi yake yapulasitiki imasonkhanitsa magetsi a kukhulana aja amene amathetheka, makamaka nyengo youma. Ingathenso kumeza kajampa kapena kasikuluwu.

Mphunzitsi wa Labu:
Apa ine ndi agogo timasiyana pang'ono. Pamene makina ndi ambiri, kutulutsa iliyonse panja n'kovuta. Huva ikagwiridwa chapatali, masentimita angapo kuchokera pamadabodi, burashi n'kumadzutsa fumbi, imagwira ntchito popanda kugunda kanthu. Chachikulu paipi isakhudze.

Gogo Waya:
M'manja mwa munthu wodziwa, mwina. Koma amene amapukuta mushopu nthawi zambiri ndi mnyamata wothandiza, ndipo iye adzagunditsa. Tisiye pomwepo.

Tibwere ku funso la kangati. Kalendala yokha imanama, chifukwa fumbi la Okutobala si la Febuluwale, ndipo shopu ya pamsewu wadothi si ya patala. Lolani kutentha kukuuzeni. Ikani pulogalamu yaulere ya HWMonitor kapena Core Temp yoonera kutentha, ndi CPU-Z yoipatsa pulosesa ntchito. Mu CPU-Z pitani pa Bench n'kudina Stress CPU, mudikire mphindi 10, mulembe kutentha kwa pulosesa. Mulembenso kutentha kwa chipinda pa kathemomita ka pakhoma. Chotsani nambala ya chipinda pa ya pulosesa. Yotsalayo ndi imene muziisunga, chifukwa simasintha kwambiri ndi nyengo. Amene ali pa Linux angachite chimodzimodzi ndi izi, m'mawindo awiri:

```
stress-ng --cpu 0 --timeout 10m
watch sensors
```

Mapulosesa ambiri a Intel amayamba kudzichepetsera liwiro akayandikira madigiri 100, ndipo a Ryzen ambiri pa 95. Kuchedwa kwa masana kuja n'kumeneko. Kukapitirira apo makina amadzizimitsa kuti asapse. Poyesa makina akuda, mukaona 95 imitsani mayeso, yankho mwalipeza.

Nangondo:
Ndabweranso ndi manambala, agogo. Ndisanapukute: chipinda 31, pulosesa inafika 95 mphindi 10 zisanakwane, ndinaimitsa. Chigamba chinalipodi pansi pa fani. Nditapukuta, popanda sefa: chipinda 31, pulosesa 69. Pesiti sindinamukhudze. Mabowo akutsogolo anali a 105, ndaika fani ya 120 ndi sefa ya eyakoni pa felemu ya pulasitiki, ndipo bokosi lakwera patebulo. Tishu ankamamatirabe pang'ono kumbuyo, ndiye fani yakumbuyo ndaizula. Tsopano akuthawa. Koma pulosesa yafika 72, chipinda 32. Ndiye kuti ndaononga?

Gogo Waya:
Simunaononge. Werengani zotsala. Poyamba 95 kuchotsa 31 ndi 64, ndipo inali ikukwerabe. Mutapukuta, 69 kuchotsa 31 ndi 38. Pano 72 kuchotsa 32 ndi 40. Sefa ndi kuchotsa fani zakudyerani madigiri awiri okha, ndipo digiri yachitatuyo ndi ya chipinda. Umenewo ndi mtengo wabwino. Zikanakhala kuti zakwera ndi 8 kapena 10 sefa ili yoyera, ndikanati nsaluyo yathinana kwambiri kapena fani yakumbuyo ibwerere pa liwiro lotsika.

Nambala 40 muilembe patepi n'kumata m'mbali mwa bokosi. Mukadzayeza n'kupeza 47 kapena 48, chotsani sefa makina ali choyaka, mudikire mphindi zisanu. Ikatsika kubwerera cha ku 40, vuto ndi sefa, ichapeni basi. Ikakana kutsika, fumbi lafika m'kati, ndiye ndi tsiku la bulowa. Ikakanabe mutauzira, ndi pamene muganizire za pesiti kapena fani yotopa.

Poti fani yakumbuyo yachoka, yang'aniraninso zinthu ziwiri. Mu HWMonitor onani kutentha kwa hadi disiki: pansi pa 45 ndi bwino, ikamapitirira 50 tsiku ndi tsiku ikufuna mpweya wambiri. Ikaninso dzanja kumbuyo kwa pawa sapulayi. Mpweya wofunda ndi wabwinobwino, koma ukamaotcha ndipo fani yake ikukuwa, bwezerani yakumbuyo ija.

Chimtali:
Manambala ndawaona, koma ine fani ija sindikanaichotsa. Pano pawa sapulayi yokha ndi imene ikumeza kutentha konse, ndipo ikafa imatha kupita ndi madabodi. Ndikanaonjeza yachiwiri yolowetsa m'mbali, ndi sefa yake, yakumbuyo n'kuisiya.

Gogo Waya:
Ngati chivindikiro cha m'mbali chili ndi malo a fani, njira yanuyo ndi yabwino kuposa yanga, kungoti imalira fani ina ndi sefa ina yochapa. Pamakina a masewera kapena okonzera mavidiyo ndingachite monga mwanenera, mosakayika. Pa otayipira makalata, manambala a mayiwa akuonetsa kuti palibe changozi.

Mphunzitsi wa Labu:
Manambala ndi abwino kwa amene amakumbukira kuyeza. Kwa wothandiza mushopu pamafunika ndondomeko yosavuta yolembedwa pakhoma, ndiye poyambira ingakhale iyi, muzisintha malinga ndi zimene muziona.

Tsiku lililonse, kusesa kuchitike makompyuta asanayatsidwe, mutawaza madzi pang'ono pansi, kapena kukolopa m'malo mosesa. Dikirani fumbi likhazikike musanayatse. Kusesa kouma makina ali choyaka kumalowetsa fumbi lambiri nthawi imodzi. Sabata iliyonse m'chilimwe, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, chotsani sefa muiyang'anitse kudzuwa. Ngati kuwala sikukudutsa bwino, ikunthireni panja, muichape ndi madzi ndi kadontho ka sopo wa mbale, muitsukuluze bwino. Iume ndithu musanaibwezere. Sefa yonyowa imasandutsa fumbi matope ndipo imapumira chinyezi m'makina. Dulani masefa awiri pakompyuta iliyonse kuti ina ikamauma ina ili pantchito. M'dzinja kamodzi pamwezi kangakwane.

Kutsegula ndi kuuzira m'kati: pamene pali sefa, miyezi itatu iliyonse ndi poyambira pabwino. Koma kamodzi kachitike ndithu kumapeto kwa Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, mvula isanayambe. Fumbi louma limangotenthetsa makina, koma likayamwa chinyezi limayamba kudutsitsa magetsi pang'onopang'ono pakati pa timiyendo ta zipangizo ndipo limabweretsa dzimbiri. Makina okana kuyaka m'mawa wa mvula n'kudzayaka masana nthawi zambiri vuto lake ndi limeneli.

Sefa siigwira fumbi lonse. Losalala kwambiri lidzalowabe, ndipo mukadzatsegula mudzapeza kautoto kofiira pamapiko. Chimene sefa imaletsa ndi ulusi ndi tsitsi zimene fumbi limagwirirapo popanga chigamba chija. Komanso sefa yoiwalika ndi yoipa kuposa kukhala opanda sefa, chifukwa ikatsekeka makina amabanika.

Nangondo:
Nanga yaing'ono yogona ija? Malo oikapo fani ina mulibe.

Gogo Waya:
Makina otero mpweya umalowera kumaso n'kutulukira kumbuyo, ndipo fani zake ndi zazing'ono, zilibe mphamvu yotsala yambiri. Musaonjeze kapena kuchotsa fani iliyonse. Dell imapanga sefa yovala kumaso kwa mitundu ina ya OptiPlex, ndipo mu BIOS ya mitundu yoteroyo muli Dust Filter Maintenance, pamene mumasankha masiku, monga 15, 30 kapena 60, kuti makina azikukumbutsani poyaka. Chikumbutsocho chimangowerenga masiku, sichiona fumbi, ndiye kwa inu sankhani 15 m'chilimwe. Ngati sefa yake simungaipeze, nayiloni imodzi yopyapyala kumaso konse ingachite, koma yezani nambala yotsala ija musanaike ndi mutaika, monga munachitira ndi inayo. Ikakwera kupitirira madigiri asanu, ichotseni, muzingouzira pafupipafupi. M'kati, makina ambiri otere ali ndi kachivindikiro kapulasitiki kotsogolera mpweya pa fani ya pulosesa. Mukakachotsa popukuta mukabwezere, apo ayi mpweya wotentha uzingozungulira m'bokosi.

Wakuchigayo:
Yanga fani yakumbuyo imalira ngati ikukhula m'mawa, ikatentha imasiya. Ndithire girisi?

Gogo Waya:
Amenewo ndi mafuta a m'bering'i amene auma, ufa wawamwa. Girisi ndi wolemera kwambiri, ndipo mafuta ophikira amauma n'kumata. Matulani sitika ya kumbuyo kwa fani. Ngati pansi pake pali kachitsekero ka labala, katuleni, muthire dontho limodzi la mafuta a makina osokera pa kachitsulo kapakati, muzunguze mapiko ndi chala, mubwezere kachitsekero, mupukute bwino n'kumata tepi. Mafani ena ndi omatiratu, alibe polowetsera mafuta, amenewo ndi ongosintha. Ngakhale yothiridwayo imangopeza miyezi ingapo, ndiye yambani kufunafuna ina ya saizi yomweyo. Yezani mabowo ake monga anachitira a Nangondo, ndipo muwerenge mapini a waya wake musanapite kukagula.